Zoyenera kumuuza munthu asanaponye sheya yoyamba kubanki mkhonde

Mikangano yambiri ya mubanki mkhonde imabuka mu Disembala, pa tsiku logawana, koma mbewu yake imadzalidwa mu Januwale. Munthu watsopano wabwera ndi mnzake, amuombera m'manja, amupatsa mpando, amuuza mtengo wa sheya, basi. Zina zonse akuti adzaziona m'kati. Chaka chikatha, iye akutambasula dzanja kuti alandire zimene ankaziganizira, gulu likumupatsa zimene zili m'bokosi, ndipo ziwirizi kawirikawiri sizifanana.

Kasungidwe kandalama kameneka kadayamba ku Niger m'chaka cha 1991, pamene bungwe la CARE lidayamba kugwira ntchito ndi magulu a amayi a m'dera la Maradi. Malamulo ake ofala ngosavuta: anthu osaposa 25 odziwana, bokosi la maloko atatu lomwe makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndi kabuku ka membala aliyense komwe amadindamo chidindo chimodzi pa sheya iliyonse. Pamsonkhano munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu. Kwathu kuno magulu ambiri adasintha zina, ena adasiya bokosi n'kumasunga ndalama pafoni, n'chifukwa chake wolowa kumene asaganize kuti zimene adaona kugulu la alamu ake ndi zomwenso adzapeze kuno.

Choyamba choti amve ndi choti ndalama imene waponya siibwerera mpaka tsiku logawana. Kubanki yeniyeni ukhoza kupita Lachiwiri n'kukatapa zako. Kuno ayi. Mwana akadwala mu Juni, njira ndi ziwiri: thumba la zadzidzidzi, lomwe ndi kandalama kochepa kamene aliyense amasonkha pambali, kapena ngongole. Zimamveka zachilendo kubwereka ndalama pagulu pomwe ndalama zako zili momwemo, n'kulipiranso chiwongoladzanja, koma ndi mmene zimayendera, ndipo amene sadauzidwe amakuona ngati kuberedwa.

Nkhani yaikulu, imene magulu ambiri amaidumpha, ndi yoti phindu limachokera kuti. Tiyerekeze mayi wogulitsa mandasi amene walowa gulu la anthu 20, sheya imodzi ili pa K1,000. Iye akuponya masheya awiri sabata iliyonse. Pakatha masabata khumi wasunga K20,000. Lamulo lofala n'loti munthu amabwereka mpaka katatu ka zimene wasunga, ndiye akutenga K60,000 yoti awonjezere ufa ndi mafuta, abweze m'miyezi itatu. Gulu lidagwirizana chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi.

Apa pali funso limene mayiyu ayenera kufunsa ndalama isanafike m'manja: 20 peresentiyo ikuwerengedwa pa ndalama iti? Ngati ndi pa K60,000 yonse mwezi ndi mwezi, alipira K12,000 katatu, kutanthauza K36,000, ndipo zonse pamodzi abweza K96,000. Koma ngati amabweza K20,000 mwezi uliwonse ndipo chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ngongole yotsala, alipira K12,000, kenako K8,000, pomaliza K4,000, zomwe ndi K24,000. Mawu ndi amodzimodzi, "20 peresenti", koma kusiyana kwake ndi K12,000, ndalama imene wogulitsa mandasi amaikazingira masiku angapo.

Tsopano tifike mu Disembala. Gulu lakumana masabata 50, mayi uja ali ndi zidindo 100 m'kabuku kake, ndipo gulu lonse lili ndi masheya 2,000. Ngongole zonse zabwezedwa, owerenga ndalama akhuthula bokosi pamkeka, apeza K2,600,000. Kuwerengera kwake n'kumodzi kokha: ndalama yonse igawidwe ndi masheya onse. Sheya iliyonse yakwera kufika pa K1,300, ndipo mayiyu alandira K130,000. Adaponya K100,000, phindu lake ndi K30,000.

Akafika kunyumba n'kukhala pansi, akumbukira kuti pa ngongole ija adalipira K36,000. Ndiye kuti phindu limene walandira ndi lochepa kuposa chiwongoladzanja chimene adapereka yekha. Palibe amene wamubera. Bokosi silibereka. Ndalama yowonjezera imachokera m'matumba a mamembala omwewo, kudzera m'chiwongoladzanja ndi m'zindapusa za ochedwa ndi ojomba. Phindu lenileni la mayiyu lili m'mandasi amene adagulitsa chifukwa cha K60,000 ija. Akadakhala kuti adagulira chitenje cha ukwati, akadatuluka m'chakacho ataluza.

Mnzake amene adaponyanso masheya 100 koma osabwereka ngakhale kamodzi alandira K130,000 yomweyo, osalipirapo kanthu. Apa m'pamene pamayambira manong'onong'o oti ena akudyera thukuta la anzawo, ndipo magulu ena adaika lamulo loti aliyense azibwereka, afune asafune. Ine lamulo limeneli sindilikonda, chifukwa limasandutsa munthu wofuna kusunga kukhala wangongole, ndipo ena amathera kwa akatapila pofuna kubweza ndalama imene sadaifune n'komwe. Koma ngati gulu lili nalo, wolowayo alimve pa tsiku loyamba, asankhe yekha.

Amvenso kuti K1,300 ija palibe amene angailonjeze. Membala mmodzi akathawa ndi ngongole, ngakhale gulu litalanda masheya ake, pakhoza kutsala dzenje. Kungoti tione kukula kwake: m'bokosi muja mukasowa K200,000 pa masheya 2,000, sheya iliyonse yatsika ndi K100, ndipo mayi wathu wataya K10,000 pa mlandu wa munthu wina. Zizindikiro zimaoneka kale ngati maso ali otsegula. Munthu akumalipira chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi osakhudza ngongole yeniyeniyo. Wina akubwerekera mlamu wake amene si membala. Msungichuma ayamba kubwera ndi makiyi onse atatu chifukwa "anzathu atanganidwa". Ndalama sizikuwerengedwanso pamaso pa onse, mlembi akungotchula chiwerengero. Gulu limene limakwiya munthu watsopano akapempha kuti ndalama ziwerengedwe mokweza lamuuza kale zambiri.

Pali china chimene gulu silingachiletse. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, kutatsala milungu yochepa kuti magulu ambiri agawane, nthawi imene anthu amathamangira feteleza. Amene adasunga chaka chonse adalandira ndalama zochuluka kuposa zimene adaponya, koma kusitolo mitengo idali itawadutsa kale. Choncho pofotokozera munthu watsopano, ndi bwino kuyeza phindu ndi katundu amene akufuna kudzagula: K100,000 yake ikadagula chiyani mu Januwale, nanga K130,000 igula chiyani mu Disembala?

Zonsezi sizifuna semina. Wapampando ndi mlembi akhoza kukhala naye pambali kwa theka la ola msonkhano usanayambe, malamulo a gulu ali m'manja. Amuwerengere mtengo wa sheya, chindapusa cha kuchedwa, tsiku logawana, ndi zimene zimachitika munthu akatuluka pakati pa chaka, popeza magulu ena amabweza zimene waponya zokha popanda phindu. Amufunse dzina la amene adzalandire ndalama zake iye atamwalira, alilembe m'buku. Kenako amupatse cholembera, awerengere yekha ngongole ya K60,000 ija mwa njira zonse ziwiri, ndipo mlembi amuuze njira imene gulu lawo limatsata.