Pholo lomera pamutu pa mkwati

Chithunzi cha ukwati chafika. Onse amwetulira bwino, koma pholo la magetsi laima kumbuyo kwa mkwati ngati lamera pamutu pake. Waya wadula thambo pakati, ndipo chakumanzere wakabaza akudzidutsira, alibe nazo ntchito. Zonsezi zimachotseka, kungoti zina zimafuna kudekha.

Pulogalamu yokonzera zithunzi sidziwa chimene chinali kuseri kwa pholo. Imangotapa mtundu wa pambali n'kumata pamene mwafufutapo, monga achitira telala podula chigamba pansalu yomweyo. N'chifukwa chake waya savuta: uku ndi uku ndi thambo lokhalokha. Mu Snapseed, pulogalamu yaulere ya pafoni, sankhani Healing, kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri, kenako tsatani wayayo pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi nthawi imodzi. Mukakoka mzere wautali kamodzi, thambo limatsala ndi chipsera. Chitani izi pa kope, osati pachithunzi chenichenicho, ndipo pemphani wojambula akutumizireni pa WhatsApp ngati Document, chifukwa chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafika chitafinyidwa.

Ntchito yeniyeni ili pamene pholo lakhudza tsitsi. Healing imasakaniza mitundu yoyandikana, ndiye mukayandikira mutu imakoka kuda kwa tsitsi n'kukupaka m'thambo, mkwati n'kuoneka ngati akufuka utsi. Apa pafunika Clone Stamp ya mu Photoshop, imene imakopera malo okhawo amene mwaiuza. Yambani mwazungulira mutu ndi mapewa, kenako mutembenuze chosankhacho ndi Inverse kuti muzitchinjirize. Mukatero dinani Alt pa thambo loyera pafupi ndi pholo, n'kumapaka kutsika mpaka m'mphepete mwa tsitsi. Tapani pafupi ndithu, pamsinkhu womwewo, popeza thambo limakhala lobiriwira kwambiri kumwamba ndipo limayererako likamatsikira kumapiri. Chigamba chochokera kutali chimaonekera.

Wakabaza uja wabisa khoma la tchalitchi. Njerwa zili ndi mizere, ndipo mzere ukaduka kapena kupindika, diso limaona msanga. Tapani pamzere wa simenti, mumate pamzere womwewo, ndipo muzisinthasintha potapa. Njerwa imodzi yong'aluka ikabwerezedwa kanayi, ngakhale mwana adziwa kuti pagwiridwa. Ambiri amaiwalanso mthunzi: njinga yapita, koma pansi patsala mawilo awiri akuda opanda mwini.

Ine ndimati wojambula wochenjera amayamba wayang'ana kumbuyo kwa anthu asanayang'ane nkhope zawo. Kusuntha mapazi awiri kukanachotsa pholo pamutu pa mkwati. Ndipo pamalo podutsa anthu, jambulani katatu kapena kanayi osasuntha kamera. Wakabaza akapita, khoma limene anabisa limapezeka lathunthu pachithunzi chotsatira, ndipo mumangolitenga pamenepo, njerwa zake zenizeni.