Kalata imene imalowa m'malo mwa msonkhano wa bodi

Tiyerekeze kuti kampani ina yogula mbewu ku Lilongwe ili ndi madayilekitala asanu. Nyengo yogula soya yafika, ndipo banki yavomera kuibwereka K80 miliyoni, koma ikufuna chigamulo cha bodi pofika Lachisanu. Msonkhano wa bodi uli mwezi wamawa, dayilekitala wina ali ku Mzuzu, wina ku Joni. Zikatere, mlembi wa kampani amalemba chigamulocho papepala n'kuchitumiza kwa aliyense pamodzi ndi kalata, kuti asaine komwe aliko.

Asanalembe, mlembi amayamba waona malamulo a kampaniyo ngati akulola njira imeneyi, komanso kuti afunika kusaina ndi anthu angati. Funso limeneli ndi lalikulu. Pamsonkhano, atatu mwa asanu akavomera, nkhani yatha. Koma pa chigamulo cholembedwa, malamulo a makampani ambiri amafuna kuti onse oyenera kuvota avomere. Chifukwa chake n'chakuti pamsonkhano munthu wokayika amafunsa, ndipo mwina anzake amasintha maganizo atamumva. Papepala mwayi umenewu palibe, choncho kukana kwa mmodzi kumakhala ngati kunena kuti, tikhale pansi tikambirane.

Kalata yabwino imanena chimene chalepheretsa kudikira msonkhano. Imatchula kuchuluka kwa ngongole, chiwongoladzanja, chikole ndi mayina a amene adzasaine ku banki, ndipo mlembi amaphatikizapo kalata ya banki kuti aliyense adziwerengere yekha. Imanenanso tsiku lomaliza kubweza pepala, n'kukumbutsa kuti amene ali ndi phindu lake pankhaniyi aulule asanasaine. Mwachitsanzo, ngati nyumba yosungiramo soya ndi ya mmodzi mwa iwo, anzake ayenera kudziwa.

Tsopano anayi asaina Lachitatu, koma wa ku Mzuzu wangoti zii. Mlembi sangawerenge kukhala chete ngati kuvomera, ndipo sangauze banki kuti bodi yagamula. Chigamulo chimayamba kugwira ntchito tsiku limene womaliza wasaina. Tinene kuti bamboyo wasaina Lachinayi, koma wafufuta 80 n'kulemba 60. Pamenepa pali zigamulo ziwiri zosiyana, ndipo palibe chimene onse asanu avomera. Mlembi ayenera kutumizanso mawu amodzimodzi kwa onse, apo ayi aitanitse msonkhano, ngakhale wa pafoni ngati malamulo akulola.

Masiginecha akakwana, ngakhale akhale pamapepala osiyana a mawu ofanana, mlembi amawasunga m'buku la maminitsi n'kupereka kope lotsimikizika ku banki. Pamsonkhano wotsatira amadziwitsa bodi kuti chigamulocho chinadutsa tsiku lakuti.

Njira imeneyi imayenera nkhani zimene onse akuzidziwa kale, monga kusintha osaina ku banki. Koma mlembi akaona kuti mafunso ayamba kubwera pafoni usiku, wina akufunsa za chikole, wina za mtengo wa soya, adziwe kuti nkhaniyo yakula kuposa pepala. Aike cholembera pansi, aitane anthu akumane.