Thumba Limodzi la Fataleza, Ngongole Ziwiri

Tikamayendera amene anamaliza maphunziro pano, timamva nkhani zofanana caka ndi caka: cimanga cinabereka bwino, koma nkhokwe inatha usanafike Ogasiti cifukwa ca ngongole. Kuti tione mmene izi zimacitikira, titsate nyengo imodzi ya ulimi ya akazi awiri apacibale a m'mudzi wina m'boma la Katete. Ziwerengero tazisankha kuti zikhale zosavuta kutsatira, koma kayendedwe kake ndi kamene timakaona m'midzi yathu.

Minda ya awiriwa inali yoyandikana, ndipo onse anabzala cimanga ndi mvula yoyamba. Pofika kuciyambi kwa Januwale, aliyense anasowa K1,000 yogulira thumba la fataleza wa pamwamba, wa yuleya. Kusiyana kwao kunali kutayamba kale mu Juni, pamene wamkulu analowa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, mng'ono wake n'kukana, amvekere: “Akulu anga, ndalama yotsekera m'bokosi caka cathunthu ine ndilibe.”

Gululo linali la anthu 20, ndipo linkakumana kamodzi pa sabata. Anagwirizana kuti sheya imodzi ikhale K20, ndipo munthu azigula kuyambira imodzi mpaka zisanu pa msonkhano, mlembi n'kumadinda cidindo m'kabuku kake pa sheya iliyonse. Aliyense ankaponyanso K5 m'thumba la zadzidzidzi, lothandiza pa maliro ndi matenda. Bokosi linali ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo linkatsegulidwa pamaso pa onse. Wamkuluyo ankagula masheya awiri pa sabata, motero atatha masabata 30 anali atasunga K1,200.

Lamulo la gulu linkalola munthu kubwereka mpaka kuwirikiza katatu zimene wasunga, kwa miyezi itatu, pa ciwongola dzanja ca K10 pa K100 iliyonse pa mwezi. Iye akanatha kupempha K3,600, koma anapempha K1,000 cabe. Analembetsanso pempho lake mu Disembala, podziwa kuti mu Januwale aliyense amafuna fataleza ndipo bokosi limaperewera. Asanalandire, anzake anamufunsa funso limene limapulumutsa magulu ambiri: “Cimanga sicipsa m'miyezi itatu. Mudzabweza ndi ciyani?” Anayankha kuti adzadalira vitumbuwa vimene amagulitsa pasukulu, nkhuku zake, ndi kambuzi kamodzi.

Kumapeto kwa Januwale anabweza K300 pa ngongole ndi K100 ya ciwongola dzanja. Mu Febuluwale ngongole inali itatsika kufika pa K700, conco anapereka K300 ndi K70. Mu Malici anagulitsa kambuzi kaja n'kumaliza K400 yotsala pamodzi ndi K40. Zonse zinakwana K1,210. Inali miyezi yowawa, ndipo pa nthawiyo ankagula sheya imodzi yokha pa sabata.

Mng'ono wake nayenso anapita kugulu mu Januwale, koma anamuuza kuti sangabwereke cifukwa si membala ndipo alibe cimene anasunga. Anatembenukira kwa munthu wa kaloba wa pamsika, amene anamupatsa K1,000 tsiku lomwelo, osamufunsa kumene adzapeza yobwezera. Pangano linali lakuti pakutha mwezi abweze K1,500. Anasiya njinga monga cikole, n'kusaina pepala limene sanaliwerenge bwino. Pepalalo silinachule ciwongola dzanja konse. Linangonena kuti walandira K1,500.

Mwezi utatha anagulitsa nkhuku n'kupeza K500. Wakalobayo anailandira monga ciwongola dzanja, ndipo K1,000 ija inakhala cikhalire. Mu Febuluwale, mwezi wa njala, sanapeze kanthu, ngongole n'kukhala K1,500. Apa ndi pamene kaloba amalumira: mwezi wotsatira theka lija linawerengedwa pa K1,500, osati pa K1,000. Kumapeto kwa Malici ngongole inafika K2,250, ndipo kumapeto kwa Epulo inali K3,375.

Mu Meyi, cimanga cisanaumitsitse, mwini ndalama anabwera ndi ngolo. Msika wa bungwe la FRA unali usanatsegulidwe, pakuti limayembekezera kuti cinyontho ca cimanga citsike kufika pa 12.5 peresenti, ndipo mayiyo analibe mpata wodikira. Wakaloba anaika yekha mtengo wa K225 pa thumba la makilogalamu 50, natenga matumba 15 pa matumba 22 amene mundawo unatulutsa. Kuphatikiza ndi K500 yoyamba ija, thumba limodzi la fataleza linamudyera K3,875. Njinga anaibweza, koma matumba 7 otsalawo sakanafikitsa banja ku zokolola zina.

Mwezi womwewo gulu lija linagawana ndalama zake. Wamkulu anali atawonjezera kugula mu Epulo ndi Meyi atagulitsa mbatata, ndipo anafika pa masheya 100, amene ndi K2,000. Gulu lonse linali ndi masheya 2,000, kutanthauza K40,000, koma m'bokosi munapezeka K50,000 cifukwa ca ciwongola dzanja ndi zindapusa za ocedwa. Atagawa K50,000 ndi 2,000, sheya iliyonse inakhala K25, ndipo iye analandira K2,500. Phindu lake la K500 linaposa K210 imene analipira pa ngongole, ndipo cimanga cake conse cinali m'nkhokwe kudikira mtengo wabwino.

Tisaganize kuti ngongole ya gulu ndi yochipa. K10 pa K100 mwezi uliwonse ndi ndalama yambiri. Cimene cinasiyanitsa awiriwa ndi zinthu zitatu. Ciwongola dzanja ca gulu cimabwerera kwa eni ake pogawana, pamene ca kaloba cimacoka m'banja osabwereranso. Gulu limacepetsa ngongole molingana ndi zimene munthu wasunga ndipo limafunsa za kabwezedwe, pamene wakaloba amapindula kwambiri ndi munthu wolephera kubweza. Cacitatu ndi nthawi: gulu limathandiza yekhayo amene anayamba kusunga vuto lisanafike.

Magulu naonso amagwa, ndipo zizindikiro zake zimaoneka msanga. Ticenjere ngati ngongole zayamba kuperekedwa kunja kwa msonkhano, ngati makiyi onse ali ndi munthu mmodzi kapena anthu a banja limodzi, kapena ngati ndalama za gulu zikutumizidwa ku nambala ya foni ya mtsogoleri popanda amene akuona. Ticenjerenso ndi membala wobwerekera munthu wakunja, ndiponso gulu lokakamiza aliyense kubwereka kuti phindu likule, pakuti mapeto ake anthu amakatenga kaloba kuti abweze kugulu. Njira yophweka yodzitetezera ndi yakuti pa msonkhano uliwonse ndalama ziwerengedwe mokweza, ndipo mamembala akumbukire ciwerengero cimene anatsekera sabata yatha bokosi lisanatsegulidwe.

Amene ali kale m'kaloba asabise. Apemphe mwini ndalama, pamaso pa mfumu kapena mboni ziwiri, kuti alembe ndalama yeniyeni imene inaperekedwa ndi imene yabwezedwa kale, ndi kugwirizana ciwerengero comaliza cimene sicidzakulanso. Kugulitsa mbuzi mu Febuluwale n'kutseka K1,500 kukanapulumutsa matumba 15 aja.

Gululo litayamba caka catsopano mu Juni, mng'ono uja analowa ndi sheya imodzi pa sabata. Akapitiriza motero, pofika Januwale adzakhala atasunga K600, imene imuloleza kubwereka mpaka K1,800. Kwa ife amene tikukolola tsopano, nthawi yokonzekera fataleza wa Januwale ndi ino, pamene ndalama ya zokolola ikali m'manja.