Njinga yake ya ndani? Kufotokoza zimene anthu a m'nkhani anakambirana

Wophunzira akapatsidwa nkhani yokhala ndi mitengero n'kuuzidwa kuti aifotokoze m'mawu ake, vuto limayambira pa kaphatikizo kakang'ono ka a- kamene kamakhala kumayambiriro kwa mneni. M'Chichewa "anati" amaimira mwamuna, mkazi, anthu asanu, ngakhalenso gogo mmodzi amene tikumulemekeza. "Iye" nayenso sasankha mwamuna kapena mkazi. Mitengero ikadalipo palibe chovuta, chifukwa "ine" ndi "iwe" amaonetsa okha mwini mawu. Tikangoichotsa, onse amasanduka "iye".

Tiyerekeze kuti wakabaza wapita kwa mmisiri wokonza njinga.

"Njinga yako ndinaikonza dzulo, koma sunandilipire," anatero mmisiri.

"Ndikulipirani mawa. Mbale wanga wandilonjeza ndalama," anayankha wakabaza.

"Kodi mbale wakoyo ndi uja anandithawa ndi ngongole?"

"Musamunene! Bwerani kuno mumufunse nokha."

Wolemba waphuma amalemba chonchi: Anati njinga yake anaikonza dzulo koma sanamulipire. Anati amulipira mawa chifukwa mbale wake wamulonjeza ndalama. Anafunsa ngati mbale wakeyo ndi amene anamuthawa.

Galamala yake ilibe cholakwa, koma njingayo yatayika mwini wake. Munthu amene sanaone makambirano oyamba aja angathe kuganiza kuti mmisiri anakonza njinga yakeyake, ndiponso kuti mbale wothawa ngongoleyo ndi wa mmisiri. Amene asokoneza kwambiri ndi "yake" ndi "wake", chifukwa "yako" ndi "wanga" onse alowa mmenemo.

Mankhwala oyamba ndi kutchula wolankhula nthawi iliyonse pamene mawu achoka pakamwa pa wina kupita kwa mnzake. Komanso mneni asakhale "anati" yekhayekha. "Anakumbutsa", "anayankha", "anafunsa" ndi "anachenjeza" amanyamula okha chizindikiro: wowerenga akaona "anayankha" amadziwa kale kuti wolankhula wasintha. Kenako "wake" aliyense afunsidwe kuti wa ndani. Ngati yankho lingakhale pawiri, dzina libwerere, ngakhale chiganizo chitalikepo. Timaphatikizo ta -yo ndi -wo timathandizanso, poti "wakabazayo" akuloza munthu amene tamutchula kale osati wina watsopano.

Pali chida china chimene ine ndimachikonda, ndipo chinabisala m'makambirano momwemo. Wakabaza akuti "ndikulipirani", pamene mmisiri akuti "yako". Ndiye kuti mmisiri ndi wamkulu. Tikasunga ulemuwo pofotokoza, awiriwa amalekana okha: wamkulu amatenga "awo" ndi -wa-, wamng'ono "wake" ndi -mu-. Taonani:

Amisiriwo anakumbutsa wakabazayo kuti njinga yake anali ataikonza dzulo lake koma iye sanawalipire. Wakabazayo anayankha kuti awalipira m'mawa mwake, popeza mbale wake anali atamulonjeza ndalama. Apo amisiriwo anafunsa ngati mbale wa wakabazayo anali yemwe uja anawathawa ndi ngongole. Mnyamatayo anawachenjeza kuti asanene mbale wake, ndipo anawauza kuti apite komweko akamufunse okha.

"Sanawalipire" sangasokonezeke ndi "atamulonjeza". Koma chidachi chili ndi malire. M'nkhani mukakhala akuluakulu awiri, kapena gulu la anthu, "anawauza" amayambanso kuloza paliponse, ndipo mayina okha ndiwo amapulumutsa. Nthano za nyama zimapereka mwayi wofanana nawo: "Njovu inati ibwera" ndi "Kalulu anati abwera" sizingasakanikirane. Ukangoipatsa Njovu ulemu wa munthu n'kulemba "Njovu anati", mwayiwo watha, monganso zimakhalira Kalulu akakumana ndi Fisi.

Zina zimene zasintha m'ndimeyi n'zosavuta kuziona. "Kodi" ndi mfunsiro zachoka, m'malo mwake mwabwera "ngati". Lamulo lakuti "Bwerani" lasanduka "kuti apite", chifukwa wofotokoza saima pamalo pamene panali wakabaza, ndipo "kuno" wakhala "komweko". "Dzulo" ndi "mawa" asanduka "dzulo lake" ndi "m'mawa mwake", apo ayi wowerenga angawerenge masiku kuchokera tsiku limene iye wagwira bukulo. Onaninso kuti "awalipira" sanafune kusinthidwa nthawi. Chichewa chimalola mneni wa pambuyo pa "kuti" kukhala m'nthawi imene mwini mawu anailankhula, choncho palibe chifukwa choukakamiza kubwerera m'mbuyo.

Mawu oti "mnyamatayo" m'chiganizo chomaliza ndawalemba mosamala. Kusintha dzina kumachotsa kubwerezabwereza, koma pano pali anyamata awiri otheka, wakabaza ndi mbale wake. Ndawasiya chifukwa "mbale wake" akutsatira m'chiganizo chomwecho n'kutseka mpata. Akanapanda kukhalapo, ndikanalemba "wakabazayo" kachinayi.