Kusankha nthambi ya udokotala ndi kulemba CV yokhala ndi kafukufuku

Dokotala akamaliza digiri ya MBBS ndi miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, amayenera kusankha nthambi imene akufuna kudzakhala katswiri wake. Ku Malawi njira zodziwika ndi MMed ya ku KUHeS, yomwe imatenga zaka zinayi, ndi COSECSA kwa ofuna za maopaleshoni, kumene munthu amayamba ndi zaka ziwiri za MCS asanalowe FCS.

Nthambi amaiyesa ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Wofuna za amayi oyembekezera azidziwa kuti adzadzutsidwa pakati pa usiku mayi akamataya magazi. Wofuna za matenda a akuluakulu akhale wokonda kuzungulira wodi kwa maola, n'kumaonana ndi odwala TB kapena mtima omwewo chaka ndi chaka. Amene amatopa ndi ntchito wamba ya nthambiyo sangapirire zaka zinayi.

CV imayamba ndi maphunziro, kulembetsa ku Medical Council of Malawi ndi malo amene munthu wagwirako ntchito, kuyambira atsopano kubwerera m'mbuyo. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa gawo la kafukufuku, poganiza kuti pamafunika ntchito yaikulu. Kafukufuku wamng'ono womalizidwa, wa m'nthambi imene munthu akupempha, amaposa mitu isanu yongoyambidwa.

Mwachitsanzo, dokotala wa pachipatala cha boma wofuna za amayi angafufuze nthawi imene amayi opita ku siza amabayidwa mankhwala oteteza bala ku tizilombo. Bungwe la WHO limalangiza kuti aperekedwe mphindi 30 mpaka 60 khungu lisanachekedwe. Dokotalayo amatenga mafayilo a miyezi itatu, n'kuyerekeza nthawi ya jakisoni ndi nthawi imene opaleshoni inayamba. Mafayilo osalembedwa nthawi asatayidwe. Awerengedwe paokha, chifukwa kusalembako ndi chimodzi mwa zimene wapeza. Akafotokozera anamwino ndi ogwira ntchito ku fiyeta zotsatirazo, amadikira miyezi ingapo n'kuwerenganso mafayilo atsopano. Kuwerenga kwachiwiriku n'kumene kumaonetsa ngati zinthu zasintha. Ngati cholinga n'kusindikiza, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chipemphedwe asanatsegule fayilo yoyamba.

Pa CV alembe mutu, chaka, kuchuluka kwa mafayilo, nambala ya chilolezo ndi mbali imene iye anagwira: kukonza funso, kutolera manambala kapena kulemba. Zosindikizidwa kale, monga mu Malawi Medical Journal, zikhale pazokha, mayina a olemba ali mu ndondomeko imene anatulukira. Zongotumizidwa kwa akonzi ndi zokambidwa pamsonkhano zikhale pansi pa mitu yawoyawo. Kuzisakaniza kumaonekera msanga, poti oyesa amatha kufufuza dzina pa PubMed, ndipo pa mafunso a pamaso ndi pamaso angafunse chifukwa chimene anasankhira miyezi itatu ndi zimene anachita ndi mafayilo osowa.