Iwe wojambula, ukutani m'chithunzi cha agogo?

Pafupifupi m'nyumba iliyonse muli chithunzi chimodzi chimene chilibe chinzake: cha ukwati wa agogo, chopachikidwa pamwamba pa kabati, mufelemu yagalasi. Tsiku lina achibale akutali amapempha kuti muchijambule ndi foni muwatumizire. Mukajambula, pachifuwa pa agogo aamuna pamatulukira munthu wachitatu, zigongono zili m'mwamba, foni ili kumaso. Zomwezi zimavutitsa amalonda ofuna kujambula diresi kapena keke yomwe ili kuseri kwa windo la shopu.

Ambiri amathamangira kukafufuta pakompyuta. Ine ndimati ntchito yaikulu imatha batani lisanadinidwe, ndipo chifukwa chake chili m'khalidwe la galasi.

Galasi wamba likayang'anidwa molunjika limabweza pafupifupi magawo 8 mwa 100 a kuwala kofika pa ilo: 4 pankhope yakutsogolo, 4 pa yakuseri. Ndi pang'ono ndithu. Koma masana m'khonde la shopu mumawala kwambiri kuposa m'katimo, mwakuti magawo 8 a kuwala kwa panja amatha kuphimba zonse za m'kati. N'chifukwa chake windo lomwelo usiku, magetsi a m'kati akayaka, limaoneka ngati palibe galasi. Kuwala kobwezedwako kumasanjikana pamwamba pa chimene mukujambula, ndiye pakadontho kamodzi ka chithunzi pamakhala zinthu ziwiri, batani la jekete ya agogo ndi chala chanu. Mukafufuta chalacho, batani limapita nacho.

Amene ali ndi kamera zikuluzikulu angati, si ntchito ya fyuluta ya CPL imeneyo? Fyulutayo imachotsadi kunyezimira kwa galasi, koma imagwira bwino mukaima chammbali, kamera ndi galasi zitapanga ngodya ya madigiri pafupifupi 34. Mukaima molunjika, ipotokoleni mmene mungathere, sichotsa kanthu. Tsono chithunzithunzi chanu chimaoneka pokhapokha mutalunjika galasi. Fyulutayo ingachotse minibasi ndi mitambo, koma inuyo ayi.

Tiyeni titenge felemu ya agogo ija, tinene kuti ndi ya masentimita 40 m'lifupi ndi 30 msinkhu. Nzeru yoyamba ndi yotsegula kumbuyo n'kutulutsa chithunzi. Musanatero, yang'anitsitsani galasilo chammbali. Mukaona timadera tooneka ngati tanyowa, dziwani kuti chinyontho cha zaka zambiri chamatiza chithunzi kugalasi, ndipo mukachikoka nkhope idzatsalira pagalasipo. Chisiyeni momwemo.

Tsitsani felemuyo, muipukute, muiimike chilili pampando pafupi ndi khomo, kuti kuwala kuzifika chammbali osati kuchokera kumbuyo kwanu. Zimitsani fulashi. Bwererani m'mbuyo mamita awiri, kenako sunthirani kumanja masentimita 60. Chinsinsi chili apa: musatembenuze foni kuti iyang'ane felemu. Ikhalebe yoyang'ana kutsogolo, msana wake utalingana ndi galasi, felemuyo izionekera chakumanzere kwa sikirini. Chithunzithunzi chanu tsopano chagwera pakhoma, kunja kwa galasi, ndipo poti foni sinapendekeke, ngodya zinayi za felemu zakhalabe zowongoka. Chotsala n'kudula zosafunika za m'mbali. Mtengo wake ndi woti mwagwiritsa ntchito gawo chabe la chithunzi chonse. Mukapezeka kuti munapendeketsa pang'ono, chida cha Perspective mu Snapseed chimawongola.

Mwachokamo, koma galasi silinasiye kubweza. Tsopano likuonetsa chimene chili kumanzere kwanu, kaya ndi katani yoyera kapena kalendala. Apa m'pofunika nsalu yakuda, ndipo ambiri amalakwitsa kukula kwake. Pamtunda pamene pali kamera, galasi limaona dera lowirikiza kawiri kukula kwake. Felemu ya 40 ndi 30 ikufuna nsalu yosachepera masentimita 80 ndi 60, ndipo ndi bwino kupitirirako. Mwana aigwire moitambasula pambali panu, inu mukuyang'ana pasikirini mpaka kuyera konse kutazimirira. Ikhale nsalu yosanyezimira; bulangete lakuda limaposa nsalu yoterera ya suti. Ofuna kujambula molunjika amaboola kabowo pakati pa nsalu kapena pa katoni yopakidwa zakuda, n'kusuzumiritsa lenzi yokha. Ojambula zinthu za m'nyumba zosungiramo zakale amachita zomwezo, nyali ziwiri atazitchera uku ndi uku pa madigiri 45.

Windo la shopu ndi nkhani ina, chifukwa nsalu yowirikiza kawiri windo lonse simungaipeze. Ngati mukufuna chinthu chimodzi, gunditsani foni pagalasi penipeni, dzanja litatchinga m'mbali, ndipo kuwala kwa mumsewu kusowa polowera. Ngati mukufuna windo lonse, bwerani chakumadzulo magetsi a m'kati atayaka, mutavala zakuda.

Nanga ngati simungathe kudikira mdima? Ikani foni pachoimikira cha miyendo itatu kuti isagwedezeke m'pang'ono pomwe, mukhomerere kuwala ndi fokasi kuti zisasinthe, mutchere nthawi ya masekondi 10. Jambulani koyamba mutaima kumanzere, kachiwiri mutaima kumanja. Kenako sanjikizani zithunzi ziwirizo, chapamwamba muchipatse Darken mu Photoshop, Darken only mu GIMP, kapena Darken pansi pa Double Exposure mu Snapseed. Pakadontho kalikonse pulogalamu imasankha chakuderapo mwa ziwirizo, ndipo poti kunyezimira kumangowonjezera kuwala, chakuderacho ndiye choyera bwino. Pali chodabwitsa chimodzi. Ngati kumbuyo kwanu kuli msewu wowala, thupi lanu m'galasimo limakhala dera lakuda, pomwe katundu wa m'kati akuonekera bwino kuposa pena paliponse. Zikatero Darken amakusungani kawiri, kumanzere ndi kumanja. Musakwiye nazo, zigwiritseni ntchito: nyamulani bulangete lija, mujambule kangapo mukulisuntha, mpaka dera lonse lofunika litatchingidwapo kamodzi. Foni ndi choimikira chake sizisuntha, choncho zimatsalabe m'galasi pokhapokha mutaziimika chammbali monga tinachitira ndi felemu.

Kufufuta kwenikweni kumatsalira chithunzi chimene sichingajambulidwenso. Ngati chithunzithunzi chanu chagwera pamalo opanda zambiri, monga khoma kapena pepala loyera lozungulira chithunzi, Healing ya mu Snapseed kapena Clone Stamp imakwanitsa: mumatapa pamalo abwino apafupi n'kumata, pang'onopang'ono, ndi burashi yofewa m'mphepete. Kumbukirani kuti galasi lokhuthala limabweza kawiri, ndiye m'mphepete mwa mutu wanu mumakhala kamzere kachiwiri kofooka, komwe anthu ambiri amakaiwala. Mukamaliza, kulitsani chithunzi kufika pa 100% muone ngati palibe kadontho kamodzimodzi kobwerezeka katatu motsatana, kapena dera losalala mopitirira pakati pa malo okhakhala. Chepetsaninso kwambiri, chifukwa mzukwa wa mapewa umaoneka bwino chithunzi chikakhala chaching'ono.

Chikagwera pankhope, ine sindifufuta. Zida zodzaza zokha, monga Content-Aware Fill, zimatola timadontho kwina n'kupeka chimene sichinalipo, ndipo diso lopekedwa si la agogo anu. Pamenepo ndimangosankha dera lokhudzidwalo ndi m'mphepete mofewa, n'kulitsitsa kuwala ndi Curves mpaka lifanane ndi loyandikana nalo. Chifunga chimachepa, kamthunzi kamatsalako, koma adzukulu amene anawaona agogo ali moyo amawazindikira.