Mwamaliza mankhwala, m'mimba mwayamba kutsegula: kodi ndi liti pothamangira kuchipatala?

Ife alangizi a zaumoyo tikamayenda m'midzi ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, pali dandaulo lina lomwe timalimva kawirikawiri. Munthu amati: "Chifuwa chija chinatha, koma makapisozi aja andisiyira kutsegula m'mimba." Nthawi zambiri vutoli limatha lokha. Koma nthawi zina kutsegula kotereku ndi chizindikiro cha matenda oopsa a m'matumbo, omwe angathe kupha munthu. Achinyamata anzathu a m'makalabu, ambiri mwa inu ndinu amene mumadwazika makolo, agogo kapena anzanu omwe ali ndi kachirombo ka HIV, choncho ndi bwino mudziwe kusiyanitsa ziwirizi.

Chimachitika n'chiyani m'matumbo?

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizirombo ta bakiteriya tambirimbiri tomwe sitidwalitsa. Timathandiza kugaya chakudya, komanso timadzaza malo onse moti tizirombo toipa timasowa pokhala. Mankhwala opha bakiteriya, omwe amatchedwa maantibayotiki, sasankha. Akapita kukapha tizirombo ta chibayo, amaphanso tabwino ta m'matumbo. N'chifukwa chake anthu ambiri akamamwa amokisilini amachita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu pa tsiku. Ngati munthuyo akudya, akuyenda, thupi silikutentha ndipo m'mimba simukupweteka kwambiri, zimenezi sizoopsa. Zimaleka pakangopita masiku ochepa mankhwala atatha.

Vuto lalikulu limabwera ndi kachirombo kotchedwa Kolositiridiyamu difisile, komwe pano tizingokatchula kuti difisile. Kachiromboka kanapezeka koyamba mu 1935 m'chimbudzi cha makanda athanzi, ndipo mu 1978 ndi pomwe madokotala anatsimikiza kuti ndi komwe kamatupitsa matumbo mwa anthu omwe amwa maantibayotiki. Anthu ena amakhala nako osadwala, chifukwa tizirombo tabwino tija timakapanikiza. Tabwinoto tikafa, iko kamatsala m'munda mopanda wopikisana naye. Kamaswana msanga n'kuyamba kutulutsa poizoni yemwe amanyula khoma la thumbo lalikulu. Thumbolo limatupa, limachita zilonda, ndipo limalephera kuyamwa madzi.

Musaganize kuti awa ndi matenda a ku Ulaya okha. Kafukufuku yemwe anachitika pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014, anapeza poizoni wa kachiromboka m'chimbudzi cha odwala ena akuluakulu ogonekedwa pachipatalapo.

Pafupifupi antibayotiki aliyense angathe kutsegulira njira difisile, koma odziwika kwambiri ndi sefitirayakizoni, jakisoni uja amabayidwa anthu ambiri ogonekedwa m'chipatala, siporofulokisasini yemwe ambiri amangomuti sipuro, kilindamayisini, ndi gulu la amokisilini. Chiopsezo chimakula kwa munthu yemwe wamwa mitundu ingapo motsatizana, yemwe wagona m'chipatala, okalamba, ndi yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri. Anzathu omwe ali ndi HIV amakhudzidwa pawiri apa, chifukwa chitetezo chikatsika amadwala pafupipafupi, ndipo akadwala amalandiranso maantibayotiki pafupipafupi.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri ndi nthawi. Matendawa angayambe munthu akumwabe mankhwala, koma angayambenso patapita sabata zingapo, ngakhale miyezi iwiri kapena itatu, atamaliza. Pofika nthawi imeneyo palibe amene akukumbukiranso za makapisozi aja. Anthu amayamba kunena madzi a pachitsime, mango, kapena nyama yomwe anadya kumsika.

Tiyerekeze

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 20 wa kudera la Nthondo ku Ntchisi. Amamwa ma ARV ndi Bakitirimu tsiku lililonse. Wadwala chibayo, wagonekedwa m'chipatala ndipo wabayidwa sefitirayakizoni masiku 5. Potuluka wapatsidwa amokisilini wa masiku ena 5. Wachira, wabwerera kudimba.

Patatha sabata chimalizireni mankhwala, m'mimba mukuyamba kutsegula. Tsiku loyamba wapita kuchimbudzi kanayi. Chimbudzicho ndi chamadzi, chonanda ngati mamina, ndipo fungo lake ndi loipa kuposa masiku onse. Mulingo womwe achipatala amagwiritsa ntchito ndi wosavuta: chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo pa maola 24. Mnyamatayu wadutsa kale mulingowu, ndipo wangochoka kumene pa maantibayotiki awiri. Tsiku limeneli ayenera kuyamba kumwa Thanzi, ndipo mawa lake ngati sizinasinthe akaonekere kuchipatala.

Tsiku lachiwiri wapita kasanu ndi kawiri, kuphatikizapo usiku. M'munsi mwa mimba mukupota, thupi latentha, chakudya sichikulowa. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa, ndipo sitikuwanyoza, chifukwa chipatala chili kutali ndipo njinga yamoto ya kabaza imafuna ndalama. Amatuma mwana kukagula sipuro ndi timapiritsi toletsa kutsegula m'mimba totchedwa loperamaidi. Zonse ziwirizi zimaipitsa zinthu. Sipuro amapitiriza kupha tizirombo tabwino tomwe tinatsala, pomwe difisile nthawi zambiri safa naye. Loperamaidi amaimitsa matumbo, ndiye kuti poizoni yemwe amatuluka ndi chimbudzi uja watsekeredwa m'kati.

Tsiku lachitatu kutsegula kwachepa, mwina kwalekeratu. Abale akupuma kuti mankhwala agwira. Koma taonani wodwalayo: mimba yafufuma ndipo yalimba ngati ng'oma, mukaigwira akulira, mtima ukugunda mofulumira, sanakodze kuyambira m'mawa, ndipo akuyankha mosokonekera. Kuleka kutsegula kotereku si kuchira. Thumbo lalikulu lafooka, lasiya kukankha chimbudzi ndipo likufufuma ndi mpweya, moti lingathe kuphulika. Likaphulika, zonyansa zimatayikira m'mimba monse ndipo munthu amafunika opaleshoni mwamsanga. Wodwala wotere asagonenso pakhomo. Ngakhale kuli usiku, pezani galimoto kapena njinga yamoto, ndipo ngati n'kotheka lunjikani kuchipatala chomwe chimagoneka odwala, monga cha boma ku Ntchisi, ku Dowa kapena ku Mponela. Zikavuta kwambiri iwo amatumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe.

Musadikire kuti zifike pamenepo. Kwa munthu yemwe wamwa maantibayotiki m'miyezi itatu yapitayi, chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kunyamuka tsiku lomwelo: kutentha thupi, kupweteka kwambiri kwa m'mimba, magazi m'chimbudzi, kutsegula kopitirira kasanu pa tsiku, kusanza chilichonse chomwe wamwa, kapena mkodzo wochepa ndi wofiirira. Ambiri amadikira magazi kuti akhulupirire kuti zavuta, koma pa matenda a difisile magazi saoneka kawirikawiri.

Mukafika kuchipatala

Kuti atsimikize matendawa pamafunika kuyeza chimbudzi ndi zipangizo zapadera zofufuzira poizoni uja, ndipo zipangizo zimenezi sizipezeka m'zipatala zambiri za kumudzi. Kuyeza wamba koyang'ana njoka za m'mimba sikungamuone. Choncho dokotala amadalira kwambiri zomwe inu mwamuuza. Tengani kabuku ka kuchipatala, timapepala ta mankhwala ngakhale atatha, ndipo munene osadikira kufunsidwa: anamwa mankhwala akuti, kuyambira tsiku lakuti, anamaliza tsiku lakuti, ndipo dzulo wapita kuchimbudzi kangati. Ogula nokha kugolosale aja muwatchulenso, musachite manyazi. Mukabisa, wodwala angapatsidwenso antibayotiki wa mtundu womwewo womwe unayambitsa vutolo.

Dokotala amaganiziranso matenda ena. Kolera, yemwe anavuta dziko lonse mu 2022 ndi 2023, amabwera mwadzidzidzi ndi chimbudzi chambiri chooneka ngati madzi otsukira mpunga. Kamwazi amabwera ndi magazi ndi kukanika pochita chimbudzi. Kwa munthu yemwe ali ndi HIV, kutsegula kopitirira mwezi kungasonyeze kuti chitetezo chatsika, ndipo pafunika kuyeza kuchuluka kwa kachirombo m'magazi.

Akaona kuti ndi difisile, choyamba amaimitsa kapena kusintha antibayotiki yemwe wayambitsa vutolo, ngati wodwala akumwabe. Izi ndi za dokotala osati za pakhomo. Tikunenetsa pamenepa chifukwa cha anzathu omwe ali pa ma ARV, Bakitirimu kapena mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB: musasiye nokha. Pitirizani kumwa, mukafunse kuchipatala.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a matendawa ndi antibayotikinso, koma wosankhidwa. Omwe amagwira bwino kwambiri ndi vankomayisini wakumwa ndi fidakisomayisini, koma kuno ndi osowa komanso okwera mtengo. Kumene kulibe amenewa, matenda akakhala kuti sanakule, amapereka metironidazolo, uja timamudziwa kuti Fulajilo, katatu pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14. Wina anena kuti, "Fulajilo ndiye timagula tokha uja." Inde, koma mapiritsi anayi a pagolosale omwedwa masiku awiri sangathetse difisile. Amangochepetsa zizindikiro pang'ono, munthu n'kuchedwa kupita kuchipatala. Yemwe ali pa Fulajilo asamwe mowa mpaka patapita masiku awiri atamaliza.

Kudwazika pakhomo

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kilorini. Munthu wamkulu amwe kapu imodzi kapena ziwiri nthawi iliyonse akachoka kuchimbudzi, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Thanzi akasowa, sakanizani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Phala, nthochi ndi mpunga apitirize kudya.

Kachiromboka kamatuluka m'chimbudzi katavala chikhokho cholimba, ndipo kangakhale miyezi pa zofunda, pa ndowa kapena pa chitseko cha chimbudzi. Sanitayiza uja tinazolowera nthawi ya Kovidi sakapha. Chomwe chimathandiza ndi kusamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda, monga a pa mpondagiya, chifukwa thovu limakakokolola. Musasambire m'beseni limodzi musanadye. Zovala ndi zofunda zoipitsidwa zichapidwe pazokha, ndipo ndowa ndi pansi potayikira chimbudzi zitsukidwe ndi madzi a kilorini kapena jiki.

Mwa anthu asanu omwe achira, pafupifupi mmodzi amayambiranso kutsegula, kawirikawiri pasanathe miyezi iwiri, chifukwa tizirombo tabwino tija timatenga nthawi kuti tibwerere. Zikatero wodwala abwerere kuchipatala ndi kabuku komwe kaja, osagula Fulajilo wina payekha. Pemphaninso dokotala alembe dzina la matendawa m'kabukumo, kuti tsiku lina akadzadwala chibayo kapena matenda ena ofuna antibayotiki, womuona adzasankhe mankhwala akudziwa zomwe zinachitika.